Nsonga ya Nsapato ya Kumanzere

Mmisiri wina wa nsapato sankakhulupirira pakamwa pa munthu. Wina akafika pakhonde pake n'kunena kuti, "Ine sindine woyendayenda," iye ankangotembenuza nsapato, kuyang'ana kunsi kwake, n'kumwetulira. Zaka makumi atatu anakhala pa benchi lomwelo, pakati pa sitolo ya utoto ndi kanyumba kometeramo tsitsi, ndipo ankadziwa amene amakokera mwendo, amene wanenepa chaka chino, ndi amene amavala nsapato yobwereka.

Nsapato zomwe ankazidziwa kuposa zonse zinali za mkazi wake. Mayiyu ankaphika pa sukulu ina ya ana ogonera pomwepo, ndipo anthu onse, mpaka ana awo omwe, ankamutchula kuti a Changu, chifukwa ankayenda ngati wasiya mkaka pamoto. Ankaponda ndi chidendene, go! go! go!, ndipo miyezi itatu iliyonse zidendene za nsapato zake zinkakhala zitadyeka. Kudziwana kwawo kunayambira pomwepo. Ali mtsikana anabwera ndi nsapato yodyeka chidendene, ndipo mmisiri anaikonza mwaulesi dala kuti abwerenso. Anabweradi, atakwiya. Mpaka lero amanena kuti anakwatiwa ndi munthu wosadziwa ntchito.

Tsiku lina a Changu anawerama kuti anyamule mphika waukulu wodzaza madzi, natembenuka nawo thupi lili chiweramire. Msana unangoti the! Masiku atatu ululu unakhala m'chiuno, kenako unasamuka. Unatsika m'thako la kumanzere, kudutsa m'mbali mwa ntchafu ndi m'mbali mwa mwendo, kukwera pamwamba pa phazi mpaka pa chala chachikulu. Akatsokomola, ululu unkathamanga njira yonseyo ngati magetsi. Kukhala pampando kunali chilango, moti ankadya chiimire, atatsamira khoma. Mmisiri anali asanawaonepo akulira ndi ululu, ngakhale pa uchembere, ndipo atawaona akuluma pilo anatseka khonde n'kupita nawo kuchipatala.

Kumeneko anawatumiza kwa dokotala wa misana, mayi wamfupi wa magalasi. Mmisiri anayamba waona nsapato zake: zakuda, zafulati, ya kumanja itayamba kumatuka kutsogolo. Anadziletsa kuyankhula.

Dokotala anawagoneka a Changu chagada, nagwira chidendene cha kumanzere, n'kuyamba kukweza mwendo bondo lili chiwongokere. Usanafike ndi pa theka pomwe, a Changu anakuwa.

"Mayo! Pomwepo, adokotala, pomwepo!"

"Wapita kuti ululuwo?"

"Mpaka kuchala."

Mwendo wa kumanja unakwera bwinobwino. Kenako dokotala anatenga kanyundo ka labala, nagogoda pansi pa bondo, mwendo n'kudumpha. Anagogoda kumbuyo kwa kakolo, phazi n'kugwedezeka. Anawasisita ndi thonje, ndipo pamwamba pa phazi, pafupi ndi chala chachikulu, a Changu anati akumva ngati avala sokosi. Anawauza kuti akweze chala chachikulu iye akukankhira pansi, ndipo chalacho chinalimba. Anawayendetsa ndi zala za kuphazi, kenako ndi zidendene zokha. Anayenda zonsezo, akudandaula.

"Pakati pa mafupa a msana pali timakhushoni," anatero dokotala, akujambula papepala. "Kenu kamodzi ka m'munsi kang'ambika, zam'kati zatuluka, zikutsina mtsempha umene umapita kumwendo. Mtsempha uliwonse uli ndi dera lake. Wa pamwambapo ukatsinidwa, bondo silidumpha ndikaligogoda. Wa m'munsi ukatsinidwa, dzanzi limakhala kukachala kakang'ono, ndipo munthu satha kuima ndi zala. Wanu ndi wapakati, umene umadzutsa phazi ndi chala chachikulu. Mphamvu zake zikadalipo."

"Ndiye mundidula?" anafunsa a Changu, mawu atachepa.

"Ayi. Anthu ambiri otere amachira okha m'masabata asanu ndi limodzi mpaka miyezi itatu. Mumwe mankhwala, muziyenda pang'onopang'ono, musagone tsiku lonse, mphika muusiye. Koma mumve zinthu zitatu. Mkodzo ukakana kutuluka kapena ukayamba kutuluka wokha, kapena chimbudzi chikamakupulumukani, kapena mukachita dzanzi pokhalira ndi kumalo obisika, mubwere ola lomwelo, musadikire kuche. Mwendo ukayamba kufooka, mubwere msanga. Ululu ukakana kutha miyezi itatu, tidzakambirana za opaleshoni."

Panjira a Changu anangogwira mawu amodzi okha, akuti ayi. Anali ndi chifukwa. Ali mwana, bambo awo anagwa pa denga, anawachita opaleshoni ya msana, ndipo anakhala pa njinga ya olumala mpaka imfa. Palibe amene anamufotokozera mwanayo kuti chimene chinapha miyendo ndi kugwako. Iye anakula akudziwa chinthu chimodzi, chakuti msana sadula.

Sabata yachisanu ululu unatha. Unatha mwadzidzidzi, ngati wina wazimitsa wailesi. A Changu anadzuka m'mawa, anatsokomola dala, ndipo sanamve kanthu. Anaseka, anaimba, anachapa makatani a nyumba yonse. Mmisiri anasangalala mpaka anaiwala kuika guluu pa nsapato ya munthu.

Lolemba lake a Changu anabwera ndi nsapato yawo yakuda. "Bambo, taonani, yakhulika kunsonga. Ndinapunthwa pa chiundo."

Anaikonza. Anadula kachikopa, anamata, anasoka, anapaka polishi, osaganiza kanthu. Patapita masiku anayi, patapata la kumanzere linayamba kumavuka lokha. A Changu ankayenda kuchokera kukhitchini, patapata n'kutsalira kumbuyo, iwo osamva.

"Mapatapata a masiku ano," anatero, "amapangira anthu a mapazi a njovu."

"Bweretsani kuno, ndi ntchito yochepa imeneyo."

Anasokerera kalamba ka kumbuyo, ndipo patapata linasiya kuvuka. Anadzitama mumtima kuti mkazi wa mmisiri sayenda ndi nsapato yovuta. Munthu amathandiza ndi chimene ali nacho m'manja, ndipo iye m'manja mwake munali singano ndi ulusi.

Sabata yachisanu ndi chiwiri, ali pa benchi lake masana, a Changu anamubweretsera chakudya monga ankachitira kale. Anawamva asanawaone, koma sanawazindikire. Phazi limodzi linkati go, linalo phwa. Go, phwa. Go, phwa. Atatukula maso anaona mkazi wake akukweza bondo la kumanzere m'mwamba ngati akuwoloka madzi, phazi likulendewera, n'kumenya pansi lonse nthawi imodzi.

Atapita, anatsala ndi nsapato ina yomwe anamusiyira, yofiirira, ya masiku apadera, imene anaivala kawiri kokha. Anaitembenuza. Nsonga inali itaperepeseka mpaka ulusi kuoneka. Chidendene chinali chatsopano, mizere yake yonse ilipo. Nsapato ya a Changu, chidendene chosadyeka! Anakumbukira mawu a dokotala, ndipo anachita manyazi aakulu, chifukwa chinthu chimene anauzidwa kuti achiyang'anire anali atachimata kawiri konse, ndi guluu ndi ulusi.

Madzulo ake, atatha kudya, anakokera mpando pafupi, naika phazi la mkazi wake pa bondo lake monga amachitira ndi munthu woyeza nsapato.

"Mayi, tadzutsani chalachi."

"Mwayamba udokotala liti?"

"Tadzutsani."

A Changu anayang'ana chala chawo. Chinangonjenjemera pang'ono n'kukhala. Anachotsa phazi msangamsanga, nalibisa pansi pa mpando.

"Ululu unatha, bambo. Ndachira. Izi ndi zotsalira chabe, mwendo unazolowera ulesi."

"Munaziona liti?"

A Changu anayang'ana pansi. Kenako anati, "Kalekale." Misozi inayamba kutsika. "Lachinayi tikupita kukaonedwa. Ndikufuna kalata yobwerera kuntchito, basi. Inu mukangokhala chete. Ndikalowa ndikakhala pansi msanga, sakaona. Ndapota nanu, musakanene. Bambo anga ndinkawasambitsa ine. Ndikudziwa mmene zimathera. Bola ndizikoka phazi koma ndikuyenda."

Zaka zonsezi mmisiri anali asanawakanirepo chinthu chimene apempha akulira, chifukwa sankapempha kawirikawiri. Anawagwira dzanja, ndipo a Changu anayesa kuti wavomera.

Lachinayi mmisiri ananyamula chikwama chake chakale cha zida. A Changu atafunsa, anati muli nsapato za kasitomala.

M'chipinda cha dokotala a Changu anachita monga ananenera. Analowa kumbuyo kwa mwamuna wawo, nakhala pansi dokotala akadayang'ana m'faelo.

"Zikuyenda bwanji, mayi?"

"Ndachira, adokotala. Ululu unatheratu. Ndangobwerera kalata."

"Zosangalatsa. Mkodzo ukuyenda bwino? Chimbudzi? Dzanzi pokhalira?"

"Zonse zili bwino." Pamenepo ananena zoona.

"Chabwino. Tavulani nsapato, muyende ndi zidendene mpaka pakhomo."

A Changu anamuyang'ana mwamuna wawo. Anaimirira. Phazi la kumanja linadzuka, la kumanzere linakana, linangoti phwa pa simenti. Dokotala anasiya cholembera. Anawagoneka, nakweza mwendo, ndipo nthawi ino unakwera patali popanda kukuwa. Bondo linadumpha, kakolo anagwedezeka ngati kale. Koma atati, "Kokerani phazi kwa inu," phazi silinathe kudzuka. Atawagoneka cham'mbali linasuntha pang'ono. Dzanzi linali litakula, kuchoka pa chala mpaka m'mbali mwa mwendo.

"Mayi," anatero dokotala mofatsa, "kutha kwa ululu nthawi zambiri ndi nkhani yabwino. Koma ululu ukatha mphamvu n'kumathanso, ndiye kuti mtsempha watopa, wasiya kudandaula. Ndiyenera kudziwa chinthu chimodzi, ndipo chimene tichite chidalira yankho lanu. Kufookaku kunayamba liti? Kuli pamodzimodzi, kukuchepa, kapena kukukula?"

"Ndi dzulo lomweli. Ndinagonera mwendo. Mwinanso kwayamba kale kusintha."

Dokotala anatembenukira kwa mmisiri. "Bambo?"

A Changu anamuyang'ana ndi maso omwe aja a madzulo aja. Mmisiri sanali munthu wa mawu ambiri, ndipo sakanatha kunena pamaso pa mlendo kuti mkazi wake akunama. Anangotsegula chikwama, natulutsa nsapato zitatu za kumanzere, naziyala pa tebulo la dokotala, pamwamba pa mapepala.

"Iyi yakudayi, adokotala, ndi ya masabata awiri ndi theka apitawo. Inangokhulika kunsonga, apa, pamene ndinamatapo. Chidendene chinkagundabe pansi, mukuona chadyeka. Patapatali ndi la masiku anayi pambuyo pake. Zala zinasiya kuligwira, ndiye ndinasokerera lamba, ine wopusa. Yofiirirayi aivala kawiri, sabata yathayi. Nsonga yatha, chidendene sichinakhudze pansi n'kamodzi komwe." Anakweza maso. "Kukukula, adokotala."

Dokotala ananyamula nsapato yofiirira, naiyang'ana kunsi kwa nthawi ndithu.

"Bambo, mwandiuza zimene makina anga sakanandiuza," anatero. Kenako anakokera mpando pafupi ndi bedi. "Mayi, mukuopa chiyani? Ndiuzeni."

A Changu anafotokoza za denga, za njinga, za beseni la madzi ofunda m'mawa uliwonse. Ankayankhula atayang'ana kukhoma, ndipo mwamuna wawo sanamuyang'ane.

Dokotala anamvetsera mpaka kumapeto. "Bambo anu sindinawaone, ndiye sindingalumbire. Koma munthu akagwa pa denga n'kuthyoka msana, kawirikawiri chingwe chachikulu cha m'kati chimavulala pa kugwa pomwepo. Chingwe chimenecho chimathera pamwamba, sichifika pamene pali vuto lanu. Ine ndidzacheka pang'ono, kutalika ngati chala chanu, ndichotse kachidutswa kamene kakutsina mtsempha. Sindikunamizani kuti palibe choopsa. Bala likhoza kulowa matenda, timadzi ta mu msana tikhoza kudontha, kakhushoni kakhoza kudzatulukanso, ndipo mwa apo ndi apo mtsempha umavulala. Sindikulonjezanso kuti phazi libwerera lonse. Poyamba paja ndinakana kukudulani chifukwa panalibe chifukwa. Lero chilipo. Mtsempha ukakhalitsa wotsinidwa, mwayi woti udzuke umachepa. Mawa tikujambuleni ndi makina a MRI, tione ngati chithunzi chikugwirizana ndi zimene ndapezazi. Chikagwirizana, ndingakonde tichite sabata yamawa isanathe. Koma msana ndi wanu, mawu omaliza ndi anu."

Potuluka a Changu anakana dzanja la mwamuna wawo. Anayenda patsogolo m'khonde lalitali la chipatala, go, phwa, go, phwa, iye akutsatira ndi chikwama chake ngati wantchito wochotsedwa. Pa masitepe a panja nsonga inakola, ndipo akanagwa chafufumimba mmisiri akanapanda kuwagwira m'chiuno. Anakhala pa benchi, pansi pa mtengo, pafupi ndi malo oimika magalimoto.

"Mwandigulitsa," anatero a Changu.

"Eya."

"Ndinakupemphani ndikulira."

"Munandipempha." Anayang'ana manja ake akuda ndi polishi. "Mayi, ine ndikhoza kukusokerani nsapato ya phazi lokoka, yabwino, anthu osadziwa. Ndikhoza kumata nsonga sabata iliyonse mpaka ndidzafe. Koma dzana munabwera pakhonde, ndinamva mapazi, ndipo sindinadziwe kuti ndinu. Zaka makumi atatu ndimakudziwani musanakhote pa sitolo ya utoto. Ndinachita mantha."

A Changu anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Ndikapanda kudzuka pa bedi limenelo, mudzandisambitsa ndinu."

"Ndidzakusambitsani."

"Madzi ake ofunda, osati zanu zija zongoviika chala."

"Ofunda."

Chithunzi chinaonetsa kachidutswa kakakulu pakati pa fupa lachinayi ndi lachisanu la m'chiuno, kumanzere, pamene dokotala ananena. A Changu anasaina okha. Opaleshoni inachitika Lachiwiri m'mawa. Mmisiri anakhala pa benchi la panja, ndipo pofuna kuti mutu usazungulire anawerenga nsapato za anamwino onse odutsa. Lachitatu a Changu anaimirira, anayenda mpaka kuchimbudzi atagwira dzanja la namwino, nabwerera akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Miyendo yonse iwiri inali yawo. Koma phazi linali likulendewerabe.

Anawapatsa kachipangizo ka pulasitiki kogwira phazi kuti lisagwe, ndipo mmisiri anakuza nsapato yakuda kuti kalowe. Wa mafizo, wothandiza kulimbitsa ziwalo zofooka, anawaphunzitsa zochita. M'mawa uliwonse, asanapite kukhonde, mmisiri ankaika phazi pa bondo lake, chala chake pamwamba pa chala chachikulu cha mkazi wake.

"Dzutsani."

"Ndikudzutsa, inu simukumva? Manja anu anafa ndi guluu."

Mwezi woyamba panalibe kanthu, ndipo panali masiku ena amene a Changu ankamuyang'ana ngati akufuna kufunsa kuti anadulidwiranji. Mwezi wachiwiri chala chinayamba kukankha, pang'ono ngati mwanapiye m'dzira. Mwezi wachinayi dokotala anati phazi labwerera kwambiri, ngakhale chala chachikulu mwina chidzakhala chofookerapo mpaka kale, ndipo kadzanzi ka pamwamba pa phazi kangatsale. Anawalola kusiya pulasitiki ija masana. Tsiku limenelo mmisiri analephera kudziletsa, anapempha nsapato ya dokotala ija yomatuka kutsogolo, naimata ali m'chipinda momwemo.

A Changu anabwerera kusukulu, koma mphika waukulu ananyamula ndi ena. Loweruka lina masana anafika pakhonde ndi chakudya, nakhala pa mpando wa makasitomala, navula nsapato ya kumanzere n'kumuponyera pa miyendo.

"Anthu akundiseka. Akuti mkazi wa mmisiri, koma taonani chidendene."

Mmisiri anaitembenuza. Chidendene chinali chitadyeka m'mbali, pamalo pake pa kale, mizere itafufutika. Anachisisita ndi chala chachikulu, kamodzi, kawiri.

"Mukonza kapena ndipite kwa wodziwa ntchito?"

Anatenga nsapatoyo, naiika pa shelefu ya pamwamba, pamene sankaikapo za makasitomala.

"Iyi sindikonza," anatero. "Mubwerera ndi patapata."